Mafunso ndi mayankho: kulemba sikiripiti ya katuni ya ana yokaonetsa pasukulu

Awa ndi mafunso amene aphunzitsi ndi anzanga ojambula amandifunsa kawirikawiri akamafuna kulemba kakanema ka katuni ka ana. Ndiyankha pogwiritsa ntchito nkhani imodzi yomwe ndinalemba ndekha, ya maminitsi 5, ya Nanzikambe yemwe anaswa mphika wa duwa la kalasi yawo mlandu nkugwera Kamba. Ana omwe ndinkawalembera ndi a zaka 6 mpaka 9.

Nkhani ndili nayo kale, ndinailemba bwinobwino. Nde sikiripiti ndi yachaninso?

Nkhani yolembedwa imawerengedwa ndi munthu amene amadzipangira yekha zithunzi m'mutu, pomwe sikiripiti imapita kwa munthu woti akhale pansi ajambule chilichonse ndi dzanja lake kapena pakompyuta. Mukalemba kuti "Nanzikambe anadzimva kulakwa mumtima mwake", wowerenga buku wamva kale, koma wojambula uja akufunsani kuti nanga ndijambule chani? Mtima sitingaujambule. Nde musikiripiti mumalemba zokhazo zimene maso angaone ndi zimene khutu lingamve: diso limodzi la Nanzikambe layang'ana mpira, linalo likungobwerera kuwindo la kalasi, mchira wake wadzikulunga nkulimba. Mwana wa zaka 6 akaona zimenezo amadziwa yekha kuti mnzathuyu zinthu sizili bwino.

Ine ndikamaliza kulemba ndimatenga cholembera nkudutsa mzere uliwonse, paliponse pamene ndalemba kuti anaganiza, anakumbukira, anazindikira kapena anamva chisoni ndimaika chizindikiro, chifukwa amenewo ndi malo amene sindinagwire ntchito yanga. Pamenepo pamayenera kulowa chochita chooneka.

Ikhale yayitali bwanji?

Koyamba musapitirire maminitsi 5, ndipo chifukwa chake ndi masamu basi. Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ojambula ambiri amasunga chojambula chimodzi kwa zithunzi ziwiri, ndiye kuti zojambula 12 pa sekondi. Maminitsi 5 ndi masekondi 300, mukachulukitsa ndi 12 mupeza zojambula 3,600 ngati chilichonse chikuyenda nthawi yonse. Zoona, pali njira zochepetsera, monga kuimitsa thupi nkumangoyendetsa pakamwa ndi maso, kapena kubwereza kayendedwe kamodzi komweko, koma olo mutero miniti iliyonse imene mwawonjezera papepala ndi masiku ambiri a munthu wina.

Pa masamba, olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi lolembedwa ndi zilembo za Courier za saizi 12 ndi pafupifupi miniti imodzi. Pa katuni masamba amakonda kuchulukirapo chifukwa mumafotokoza zochita zambiri. Musadalire kwambiri kuwerenga masamba, makamaka pa Chichewa pomwe mawu amodzi ngati "sindinamuonenso" amatenga malo ochepa koma pakamwa amatalika. Tengani foni, yatsani wotchi, werengani mokweza, ndipo zochitazo muzichite ndithu, imirirani muyende ngati Kamba kuchoka pakhomo kukafika pawindo muone kuti zatenga masekondi angati.

Pofotokoza ampangankhani ndilembe zotani? Ena amalemba tsamba lonse pa mmodzi.

Tsamba lonse ndi lambiri, ndipo nthawi zambiri limadzaza ndi zinthu zimene sizidzaoneka, monga kuti anabadwira kuti, amakonda phunziro lanji. Wojambula ndi wolankhulira mpangankhani amafuna kudziwa kaonekedwe, kayendedwe, kalankhulidwe, chimene akufuna ndi chimene amaopa. Wanga Nanzikambe ndinamulemba chonchi:

NANZIKAMBE, zaka ngati 7. Wowonda, wobiriwira mowala, mchira wopiringizika, maso awiri oyenda lililonse payekha. Amakonda kuonetsera anzake utali wa lilime lake. Amalankhula mothamanga, mawu nkumagundana. Amafuna kuti onse azimuona. Amaopa kukalipiridwa pagulu. Akachita mantha amatenga mtundu wa chinthu chimene ali pafupi nacho.

KAMBA, zaka ngati 7. Wamfupi, wozungulira, chigoba chofiirira chopanda mizere yambiri. Asanayankhe funso amaphethira kawiri, nde anthu amakonda kumuyankhira asanatsegule pakamwa. Amafuna kuti kamodzi kokha amukhulupirire pa ntchito. Akakhumudwa amalowetsa mutu theka m'chigoba, osati wonse.

APHUNZITSI A KAKOWA. Oyera, aatali pang'ono kuposa ana, mawu odekha. Si ankhanza, koma amafulumira kugamula chifukwa ali ndi zambiri zochita.

Muone kuti chilichonse chomwe chili pamenepo chidzagwira ntchito munkhani. Kuphethira kwa Kamba ndi kumene kukumupachikitsa mlandu, lilime la Nanzikambe ndi lomwe likuswa mphika, kufuna kwake kuoneka ndi komwe kukumupweteka akasanduka wosaoneka. Ngati mwalemba khalidwe lomwe palibe gawo limene likuligwiritsa ntchito, lifufuteni.

Za aphunzitsi aja ndinenepo pang'ono poti pamenepo ndinaphunzirapo kanthu. Poyamba ndinafuna akhale a Nyamalikiti, koma sikirini ndi yotambalala m'mbali, yayifupi kupita m'mwamba, nde kuti mutu wa nyamalikiti ndi nkhope ya kamba zionekere pamodzi kamera imayenera kubwerera kutali mpaka Kamba nkukhala kadontho. Ndinayesa a Nkhanga, mnzanga wojambula anangondionetsa chithunzi chimodzi nkundifunsa kuti madontho onsewa azijambulidwa kangati. Kakowa ndi woyera mbee, mizere yochepa, ndipo amaoneka msanga pakati pa ana. Njira yabwino yoyesera ndi kupaka ampangankhani onse utoto wakuda bii nkuwaimika pamzere umodzi, ngati mwana angathe kutchula aliyense pongoona chithunzithunzi chakecho ndiye kuti zili bwino. Wina akhale wozungulira, wina wowonda, wina wamtali.

Akhale angati? Ana a kalasi yanga onse akufuna kulankhulamo.

Olankhula atatu, mwina anayi. Aliyense wowonjezera amafunika kujambulidwa kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, nkhope zake zosiyanasiyana, ndi kaonekedwe ka pakamwa akamatchula mawu. Ana enawo apatseni phokoso la pabwalo, kuseka, kuimba koyambirira, mawu a gulu lomwe likumveka koma silikuoneka. Amasangalala chimodzimodzi akamva mawu awo.

Mndandanda wa magawo ndi chani, ndipo ndiulembe liti?

Ndi pepala limodzi lomwe likuonetsa nkhani yonse mwachidule, gawo ndi gawo, ena amati masini. Gawo limasintha pamene malo kapena nthawi yasintha. Mzere uliwonse umanena malo, nthawi, amene alipo, chomwe chasintha pofika kumapeto kwake, ndi masekondi. Muulembe musanalembe mawu olankhula ngakhale amodzi, chifukwa kufufuta mzere umodzi pamndandanda sikupweteka, koma kutaya masamba awiri a zokambirana zomwe mwazikonda kale kumavuta ndipo mumayamba kuzipezera zifukwa zoti zikhalebe.

Wanga unali wotere. Gawo 1, m'kalasi m'mawa, masekondi 35: pawindo pali mphika wa duwa lomwe kalasi yonse inadzala, a Kakowa akupereka ntchito yothirira sabata imeneyo kwa Kamba, ena akudandaula kuti achedwa nazo. Gawo 2, m'kalasi nthawi ya buleki, masekondi 50: Nanzikambe watsala yekha, akusaka ntchentche ndi lilime, ntchentche yatera pamphika, lilime laphonya, mphika pansi phwaa, wamva mapazi nde wadziphatika kukhoma nkusanduka wotuwa ngati khomalo. Gawo 3, pomwepo, masekondi 45: Kamba walowa ndi kapu ya madzi, a Kakowa amupeza ataima pa zidutswa, amufunsa, iye akuphethira, asanayankhe auzidwa kuti atsale akonze pamene anzake akupita kukasewera mpira. Gawo 4, pabwalo masana, masekondi 50: Nanzikambe wafika kumpira koma mtundu wake wakana kubwerera, adakali wotuwa, akukuwa kuti amupatsire koma anzake sakumuzindikira, mpira ukungomudutsa. Gawo 5, m'kalasi madzulo, masekondi 70: wapeza Kamba atatola kambewu kaja nkukaika mukapu yake, a Kakowa alowa, palibe yemwe akumuona Nanzikambe ndipo chitseko ndi chotsegula, koma walankhula. Gawo 6, m'mawa mwake, masekondi 30: awiriwo akudzala kambewu mumphika wina. Zonse pamodzi ndi masekondi 280, 20 otsalawo ndi a mutu wa kanema ndi mayina a omwe anagwira ntchito.

Malo ndi awiri okha, kalasi ndi bwalo, kalasi ikungosintha kuwala. Komanso onani kuti gawo lalitali kuposa onse ndi 5, pampondachimera, pamene Nanzikambe akusankha. Ngati pamndandanda wanu gawo lalitali ndi loyamba, lija la kudzuka, kusamba ndi kupita kusukulu, dziwani kuti ana ayamba kugwedezeka pamipando nkhani isanayambe nkomwe.

Ndingadziwe bwanji kuti gawo lina ndi losafunika?

Liphimbeni ndi dzanja muwerenge mndandandawo popanda ilo. Ngati nkhani ikumvekabe, lichoke. Ine ndinali ndi gawo la Nanzikambe ali kunyumba usiku akulephera kugona, linali lokoma ndithu, koma limanena zomwezo zimene gawo la pabwalo lanena kale, kuwonjezera apo limafuna malo achitatu oti ajambulidwe ndi mayi ake oti apangidwe. Linachoka.

Nanga papepala sikiripitiyo imaoneka bwanji?

Pamwamba pa gawo pamakhala mutu wa zilembo zazikulu wonena ngati ndi mkati kapena panja, malo ndi nthawi. Pachingerezi amayamba ndi INT. kapena EXT. koma palibe choletsa kulemba MKATI ndi PANJA ngati gulu lanu lonse likumva. Kenako zochita, zolembedwa ngati zikuchitika pompano, kenako dzina la wolankhula m'zilembo zazikulu, mawu ake pansi. Ngati mulibe pulogalamu yolembera masikiripiti, pali kalembedwe kotchedwa Fountain komwe mumangotaipa ngati uthenga wamba, ndipo mukaika kadontho kumayambiriro kwa mzere kamadziwa kuti umenewo ndi mutu wa gawo. Kachidutswa ka gawo 5 ndi aka:

```
.MKATI - M'KALASI - MADZULO

Kamba akukankhira dothi mukapu ndi phazi.
Nanzikambe, wotuwa, waima pakhoma pafupi
ndi chitseko. Diso limodzi panja, lina pa Kamba.

A KAKOWA
Watha, Kamba? Mawa ntchitoyi ndipatsa wina.

Kamba aphethira kawiri. Mutu ulowa theka.

NANZIKAMBE
Aphunzitsi... si Kamba. Ndine.

Nsonga ya mchira wake iyamba kubiriwira.
```

Ma efekti a phokoso monga mapazi, belu kapena kusweka kwa mphika muwalembe m'zilembo zazikulu pamene akuchitikira kuti wokonza mawu asawaphonye. Za kamera musachulutse, nenani pokhapo pamene nkhani ikudalira zimenezo, monga kuti tione pafupi nsonga ya mchira. Zinazo zimakakonzedwa pa sitolibodi, timabokosi tija tojambulidwa mwachangu toonetsa chithunzi chilichonse motsatana.

Ampangankhani anga amalankhula kwambiri. Ndi vuto?

Ndi vuto pawiri. Loyamba, mawu alionse amafuna pakamwa pogwirizana nawo, milomo itsekeke pa m, b ndi p, izungulire pa o ndi u, ndipo ikaphonya ana amaona msanga. Lachiwiri ndi la malo owonetsera: muholo ya sukulu mumakhala phokoso, sipika mwina ndi imodzi, ana akaseka mzere wotsatira umamira. Choncho chinthu chilichonse chofunika munkhani chizioneka ndi maso, mawu azingothandizira. Ine ndimayesa pozimitsa mawu onse nkuonetsa zithunzi za sitolibodi kwa ana awiri kapena atatu, akatha kundiuza yemwe waswa mphika, yemwe wanamiziridwa ndi chomwe chachitika pamapeto ndiye kuti sikiripiti yaima. Mu gawo 2 lonse, masekondi 50 aja, Nanzikambe amangonena mawu awiri basi, ndipo ndi gawo lomwe ana amaligwira kwambiri.

Mawu aja muwajambule kaye zithunzi zisanayambe kuyendetsedwa, ojambula amatsatira mawu, osati mawu kutsatira zithunzi. Mukaika mawuwo pamodzi ndi zithunzi za sitolibodi nkuzionera ngati kanema, pamenepo ndi pomwe mumaona malo amene akukoka.

Tsopano phunziro. Mkulu wa sukulu akufuna limveke bwino, ndiye ndiliike pati?

Funso ili ndi limene ndimalitengera mtima kwambiri, chifukwa makatuni ambiri a kusukulu amafera pomwepa. Chimene chimachitika ndi chakuti nkhani yatha, kenako mphunzitsi wamukatuni atembenukira kamera nkuyamba kuti ana inu kunama nkoipa, tiyenera kunena zoona nthawi zonse, ndipo mukayang'ana muholo ana ayamba kale kufunafuna zikwama zawo. Sikuti ndi amwano, mawu amenewo anawamva kambirimbiri ndipo sawauza chilichonse chatsopano.

Phunziro lilembeni ndithu, chiganizo chimodzi, pamwamba pa tsamba loyamba, la inu nokha ndi gulu lanu. Langa linali loti kukhala chete pamene mnzako akulangidwa chifukwa cha iwe ndi kunama ndithu. Muone kuti ndi lopapatiza, Nanzikambe sananene bodza ngakhale limodzi ndi pakamwa pake, ndipo mwana aliyense wa zaka 8 anakhalapo pamalo amenewo, akudziwa chomwe chachitika koma osayankhula. Mukalemba lotakata ngati "tizikhala ana abwino" silikuthandizani kusankha gawo lililonse.

Kenako phunzirolo lilowe mu chisankho cha mpangankhani wamkulu, ndipo chisankhocho chikhale chenicheni. Ndi chifukwa chake mu gawo 5 chitseko ndi chotsegula ndipo palibe akumuona, akanatha kutuluka nkhani nkuthera pomwepo. Poyamba ndinalemba kuti a Kakowa anaona mapazi a Nanzikambe padothi nkumugwira, koma nditawerenga ndinaona kuti mwana aphunzirapo zoti ukalakwa uzifufuta mapazi. Akagwidwa, wanzeru ndi mphunzitsi. Akaulula yekha pamene akanatha kuthawa, ana amakhala naye limodzi pakhoma paja akupuma mokoka, ndinamvapo kamwana kena kakunong'ona kuti "nena, nena" asanalankhule.

Ndipo kuululako kukhale ndi mtengo wake. Musalembe kuti atangovomera onse anaomba m'manja nkumupatsa mphatso, ana amadziwa kuti sizikhala choncho ndipo akadzayesa okha nkukalipiridwa adzati katuni ija inatinamiza. Mwanga Nanzikambe akutsala mkalasi pamene anzake akusewera, a Kakowa nawonso akupepesa Kamba chifukwa sanadikire yankho lake, ndipo Kamba sakukhululuka pompo, mutu wake udakali theka m'chigoba mpaka kumapeto kwenikweni pomwe akumukankhira Nanzikambe kapu kuti athirire. Palibe amene akutchula mawu oti chilungamo mukanema monse.

Koma bwanji ana ena akapanda kulimva phunzirolo?

Apa ndi pamene kuonetsera kusukulu kumaposa kwina, poti mphunzitsi weniweni alipo muholo. Kumapeto kwa sikiripiti ikani tsamba lina la mphunzitsi lokhala ndi chiganizo chija ndi mafunso atatu kapena anayi. Mafunsowo asakhale oti yankho ndi eya kapena ayi. Ndimakonda awa: Nanzikambe ananama kodi, popeza sanalankhule chilichonse? Nchifukwa chiyani anzake sankamuona kumpira? Mukanakhala Kamba, mukanamupatsa kapu ija tsiku lomwelo? Funso loyambalo limagawa kalasi pawiri ndipo mkangano wakewo ndi umene umakhala m'mitu mwawo. Ngati asukulu akakamirabe kuti phunziro lilembedwe pasikirini, likhale mzere umodzi waufupi kanema atatha, lisatuluke pakamwa pa mpangankhani.

Patsamba lomwelo ndimaikaponso kamzere kothandiza mphunzitsi ana akafunsa za nanzikambe weniweni, kuti amasintha mtundu makamaka chifukwa cha kutentha kapena kuzizira ndiponso pouzana zinthu ndi anzake, sikuti amatengera khoma lililonse ngati wamukatuni. Za maso oyenda lililonse payekha ndi lilime lalitali ndi zoona.

Kodi pakufunika woipa munkhani ya ana?

Ayi, ndipo kusukulu ndimapewa. Mukapanga wakuba kapena wovutitsa anzake kukhala wonenepa, wachibwibwi kapena wa zovala zong'ambika, muholo momwemo muli mwana wooneka choncho, ndipo pofika mawa dzina la mpangankhani uja lamumatirira. Pachifukwa chomwecho samalani ndi mayina, musatenge dzina la mwana amene ali pasukulupo. Nyama zimathandiza pamenepa. Ngakhale kuchedwa kuyankha kwa Kamba ndinakusamala kuti pasakhale paliponse pomwe kanema akuseketsa nako, amene akuoneka olakwa ndi omwe sakudikira.

Tilibe kompyuta yamphamvu. Sikiripitiyi igwirabe ntchito?

Igwira. Pali mapulogalamu aulere monga Pencil2D, Krita, OpenToonz ndi Blender, ndipo Pencil2D ndi wopepuka kwa oyamba kumene. Muthanso kudula mapepala, thupi payekha miyendo payekha, nkumasuntha pang'onopang'ono mukujambula ndi foni yomangidwa kuti isagwedere. Chofunika ndi kusankha njirayo musanamalize kulemba, chifukwa imasintha zomwe mungalembe. Pa mapepala odula, mpangankhani kutembenuka thupi lonse kumavuta, nde mumalemba zochita zoyenda chammbali. Kusintha mtundu kwa Nanzikambe kumatheka podula matupi ake anayi, wobiriwira, wotuwa ndi awiri apakatikati, nkumawasinthanitsa. Kusweka kwa mphika, komwe kukanadya zojambula zambiri, sitinakuonetse nkomwe: lilime likugunda, mphika ukupendekeka nkutuluka pansi pa sikirini, timva PHWAA tili pankhope ya Nanzikambe, kenako chithunzi chimodzi chosayenda cha zidutswa ndi dothi pansi.